Kalembedwe ka kalata yoperekeza pempho lokumba mjigo ku ofesi ya Bwanamkubwa

Magulu ambiri a m'midzi, mipingo ndi mabungwe ang'onoang'ono amatha miyezi akukonza chikalata chofotokoza ntchito yokumba mjigo, koma kalata yoperekeza chikalatacho amailemba mothamanga m'mawa wa tsiku lopita ku boma. Zotsatira zake n'zakuti pempho limagona mufayilo, chifukwa woyamba kuliwerenga sakuona chimene akupemphedwa kuchita, kumene mjigo udzakhale ndiponso amene adzalipire. Ku khonsolo, tsamba loyamba ndi limene limauza Bwanamkubwa kuti nkhaniyo aitumize kwa yani, choncho kalata imeneyi iyenera kuima payokha ngakhale masamba enawo asanatsegulidwe. Malangizo otsatirawa ndi a gulu limene lapeza kale ndalama, kapena lalonjezedwa ndalama, ndipo likufuna kuti khonsolo ivomereze ntchitoyo galimoto yoboola isanafike.

Zoyenera kukhala nazo musanalembe

Choyamba ndi chikalata chenicheni cha ntchito, chokhala ndi bajeti ndi ndondomeko ya miyezi, chifukwa nambala iliyonse ya m'kalata iyenera kuchokera m'menemo. Pafunikanso maminitsi a msonkhano wa komiti yachitukuko ya m'mudzi, VDC, ndi a komiti yachitukuko ya m'dera la mfumu yaikulu, ADC, osonyeza kuti nkhani ya mjigo inakambidwa ndi kuvomerezedwa, osainidwa ndi wapampando ndi mlembi. Mukhale ndi kalata ya mwini malo yopereka malowo kwa anthu onse, yochitiridwa umboni ndi a nyakwawa kapena a gulupu ndi kudindidwa. Mukhale ndi chiwerengero cha mabanja ndi anthu, chimene mungachipeze m'kaundula wa mudzi kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, komanso manambala a GPS a malo amene mukuganizira, amene foni yamakono imatha kuonetsa. Onjezani fotokope ya chiphaso cholembetsera gulu lanu, kalata ya wopereka ndalama yotsimikiza lonjezo lake, ndi mayina a maudindo a komiti yoyang'anira mjigo ngati inasankhidwa kale. Pomaliza, pepala lokhala ndi dzina ndi keyala ya gulu, chidindo, envelopu yaikulu imene sipinda mapepala, ndi ndalama yochitira fotokope makope okwanira.

1. Kaonaneni ndi a ofesi ya zamadzi musanalembe mzere ngakhale umodzi

Kalata imapita kwa Bwanamkubwa, koma amene adzauze Bwanamkubwa ngati ntchito yanu ili yomveka ndi mkulu woona za chitukuko cha madzi m'boma pamodzi ndi alangizi ake a zamadzi amene amayendera madera. Pitani ku ofesi imeneyo, fotokozani pakamwa zimene mukufuna, ndipo mufunse zinthu zitatu: ngati mudzi wanu uli kale pa mndandanda wa malo amene khonsolo kapena bungwe lina likufuna kukumbako, ngati deralo lili ndi mbiri ya madzi amchere kapena mijigo youma, ndiponso mapepala amene khonsolo imeneyo imafuna. M'madera ena a m'chigwa cha Shire, monga ku Chikwawa ndi ku Nsanje, madzi a pansi pa nthaka amakhala amchere, ndipo kalata imene siikusonyeza kuti olemba akulidziwa vutoli imaoneka kuti yalembedwa ndi anthu osakonzeka.

Chenjezo lake ndi ili: ngati malo anu ali m'tauni kapena pamalo amene bungwe logulitsa madzi a m'mipope limafikako, musaganize kuti chilolezo cha khonsolo n'chokwanira, chifukwa kukumba mjigo m'dera loterolo kumakhudzanso bungwelo. Funsani zimenezi pa ulendo womwewu.

2. Tsimikizani chimene mukupempha

Apa ndi pamene makalata ambiri amafera, ndipo ndi bwino kuti komiti ikhale pansi ndi kugwirizana chiganizo chimodzi isanapatse mlembi cholembera. Kupempha khonsolo kuti ikukumbireni mjigo ndi nkhani ina, ndipo imadutsa m'mapulani achitukuko a mudzi ndi a boma. Kupempha khonsolo kuti ivomereze mjigo umene ndalama zake mwazipeza nokha ndi nkhani inanso. Kalata yongonena kuti "tikupempha thandizo pa nkhani ya mjigo" imamveka ngati yopempha ndalama, ndipo ikhoza kuikidwa pa mulu wa mapempho odikira bajeti pamene inu mumangofuna siginecha.

Pempho lomveka limatchula zochita zimene khonsolo ili ndi mphamvu yozichita. Mukhoza kupempha kuti ivomereze ntchitoyo polemba kalata, kuti ikupatseni nthawi yofotokoza ntchitoyo ku komiti yoona zamadzi ndi ukhondo kapena ku komiti ya akuluakulu a nthambi za boma, DEC, ngati ndi mmene khonsoloyo imachitira, ndiponso kuti itumize mlangizi wa zamadzi kudzaona malo ndi kuyang'anira kukumba. Musapemphe khonsolo chimene si chake. Malinga ndi lamulo la zamadzi la chaka cha 2013, bungwe la National Water Resources Authority ndi limene limayang'anira kagwiritsidwe ntchito ka madzi a pansi pa nthaka ndi kupereka ziphaso kwa oboola mijigo. Kalata ya Bwanamkubwa siilowa m'malo mwa zimenezo, choncho m'kalata yanu mungonena kuti mudzatsatira zofuna za bungwelo ndiponso kuti mudzalemba ntchito kontirakitala amene ali ndi chiphaso chake.

3. Lembani makeyala, tsiku ndi mutu

Pamwamba lembani dzina la gulu lanu, keyala, nambala ya foni imene imayankhidwa masana, ndi tsiku. Munsi mwake lembani udindo wa wolandira, osati dzina lake, chifukwa a Bwanamkubwa amasinthidwa ndipo kalata yolembedwa dzina la munthu ikhoza kutengedwa ngati yake payekha. Kenaka pabwere mzere wa "Kudzera mwa", umene umasonyeza njira imene kalata yayenda. Kawirikawiri umakhala wa wapampando wa ADC kapena mfumu yaikulu, ndipo pambali pake musiye mpata woti asaine, alembe tsiku ndi kudinda. Musalembe "Kudzera mwa" munthu amene simukamuonetsa kalatayo, pakuti mzere umenewu wopanda siginecha umaoneka ngati munamuzemba.

Mutu ulembedwe ndi zilembo zazikulu ndipo unene zinthu zitatu: pempho, chiwerengero cha mijigo ndi malo, kutchula mudzi, gulupu ndi mfumu yaikulu. Mayina a midzi amafanana kwambiri m'boma limodzi, ndipo popanda dzina la gulupu mlangizi akhoza kupita kumudzi wina. Makalata ambiri a m'maofesi a boma amalembedwa m'Chingerezi. Ngati mwasankha kutero, yambani mwalemba m'Chichewa ndi kuiwerenga pamsonkhano kuti anthu avomereze zimene zikulonjezedwa m'dzina lawo, kenaka womasulira asawonjezere kapena kuchotsa kanthu.

4. Ndime yoyamba inene pempho, yachiwiri ipereke umboni wa vuto

Chiganizo choyamba chinene kuti ndinu ndani ndipo mukupempha chiyani. Mbiri ya gulu, chaka chimene linayamba ndi ntchito zina zimene linagwira zikhale m'chikalata chachikulu.

Ndime yachiwiri ndi imene anthu amaidzaza ndi madandaulo, pamene wowerenga akufuna manambala oti awayerekeze ndi muyezo wa boma. Muyezo umene ogwira ntchito zamadzi amatsatira ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu pafupifupi 250 ndipo munthu asayende mtunda wopitirira mamita 500 kukatunga madzi. Choncho nenani mabanja ndi anthu amene adzamwe pa mjigowo, kumene akutunga panopa, ndi kutalika kwa mtunda wopita pa mjigo wapafupi umene ukugwira ntchito. Ngati anthu anu ndi 600 ndipo mukupempha mjigo umodzi, fotokozani kuti ndi gawo liti la mudzi limene lidzapindule, chifukwa wodziwa ntchito adzaona msanga kuti pampu imodzi siingapirire unyinji wotero.

Ngati m'mudzimo muli mjigo wakufa, utchuleni ndi kunena chimene chinauvuta. Ofesi ya zamadzi imasunga kaundula wa malo otungira madzi, ndipo ikapeza mjigo umene inu simunaunene idzakayikira zina zonse. Komanso ngati mjigo wakalewo unangotha marabala kapena kuduka ndodo, a khonsolo adzafunsa chifukwa chimene simukuukonza, ndipo funsolo ndi loyenera, pakuti kukonza n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi kuboola wina. Za matenda otsekula m'mimba kapena kolera zilembeni pokhapokha ngati chiwerengerocho chachokera kwa mlangizi wa zaumoyo kapena ku chipatala cha m'deralo, ndipo munene kumene mwachitenga.

5. Fotokozani ntchito, ndalama ndi nthawi m'ndime imodzi

Tchulani mtundu wa pampu. Pa mijigo ya m'midzi m'Malawi pampu yofala ndi yovomerezeka ndi Afridev, imene zipangizo zake zimapezeka m'masitolo ambiri ndipo amakaniki a m'madera amaidziwa. Ngati mukufuna pampu yoyendera mphamvu ya dzuwa yokhala ndi thanki ndi mipope, nenani momveka, chifukwa imeneyo imafuna madzi ochuluka ndi kasamalidwe kena, ndipo mafunso a khonsolo adzakhala ena. Malo muwatchule kuti ndi "oganiziridwa", popeza malo enieni oboola amadziwika akatswiri akayeza pansi, koma munene kuti ali kutali ndi zimbudzi, makola, maenje a zinyalala ndi manda. Mtunda wa mamita 30 kuchokera pa chimbudzi ndi umene umatchulidwa kawirikawiri ngati wochepetsetsa, ndipo mjigo ukhale kumtunda kwa chimbudzicho, osati kumunsi.

Pa ndalama lembani mtengo wonse, amene akupereka, ndi gawo la anthu a m'mudzi. Muonetse kuti bajeti yakhudza zinthu zimene zimaiwalika: kuyeza malo, kuyesa kuchuluka kwa madzi popopa, kuyeza ubwino wa madzi ku labotale, kumanga simenti yozungulira mjigo ndi ngalande, kuphunzitsa komiti, ndi mayendedwe a mlangizi wa khonsolo woyang'anira ntchito. Chomalizachi musachinyalanyaze. Gulu likapempha kuyang'aniridwa koma osaika mafuta m'bajeti, mlangizi akhoza kulephera kufika pa masiku oboola, ndipo palibe amene adzatsimikize kuti kontirakitala anafika kuya kumene akulipiritsa kapena kuti anaika mapaipi ndi timiyala tosefera madzi moyenera. Nenaninso mwachidule kuti mgwirizano ndi kontirakitala udzafotokoza amene adzalipire ngati dzenje lapezeka louma.

Za nthawi, kumbukirani kuti galimoto yoboola ndi yolemera ndipo imatitimira m'misewu ya m'midzi mvula ikayamba. Mjigo woboola kumapeto kwa chilimwe, cha mu Seputembala ndi Okutobala, umakhalanso wodalirika chifukwa madzi apansi amakhala atatsika, ndiye ukapezeka ndi madzi nthawi imeneyo suyembekezeka kuphwa chaka chamawa. Kuti zimenezi zitheke, kalata ifike ku khonsolo miyezi iwiri kapena itatu nthawiyo isanakwane, popeza misonkhano ya makomiti siichitika tsiku lililonse.

6. Nenani amene adzasamale mjigo

Funso limene a zamadzi amaliopa kwambiri ndi lakuti mjigo ukawonongeka patapita zaka ziwiri adzabwera kudzalira ku ofesi ndi ndani. Yankhani funsoli asanalifunse. Komiti yoyang'anira mjigo imakhala ya anthu pafupifupi 10, ndipo amayi, amene ndi otunga madziwo, asachepere theka. Nenani ngati yasankhidwa, ndalama imene banja lililonse lavomera kusonkha pamwezi, kumene ndalamayo idzasungidwe, ndiponso kuti mukupempha khonsolo iphunzitse komitiyo. Musalembe kuti "anthu adzasonkha" popanda nambala, ndipo musalembe nambala imene msonkhano wa mudzi sunavomereze.

7. Tsekani, sainani ndi kutchula zimene mwaphatikiza

Ndime yomaliza itchule tsiku limene mukuyembekezera yankho ndi chifukwa chake, mwaulemu, pamodzi ndi munthu mmodzi woti ofesi imuimbire. Asaine ndi wapampando ndi mlembi, ndipo chidindo chisaphimbe mawu. Munsi mwa masiginecha lembani mndandanda wa mapepala amene mwaphatikiza ndi maofesi amene mwawapatsa makope. Kalata yonse isapitirire tsamba limodzi, kapena limodzi ndi theka ngati yalembedwa pamanja.

Chitsanzo cha kalata

Tiyerekeze gulu la m'mudzi wina m'boma la Ntchisi limene mpingo wina walilonjeza ndalama. Manambala onse m'munsimu ndi ongoyerekeza, ndipo pamene pali timadontho muikepo mayina enieni.

Gulu la Chitukuko la …, Keyala …, Foni …
Tsiku: 3 Julayi, chaka …

Kwa Bwanamkubwa, Khonsolo ya Boma la Ntchisi
Kudzera mwa: Wapampando wa ADC ya Mfumu Yaikulu …

Wolemekezeka Bwanamkubwa,

PEMPHO LA CHILOLEZO CHOKUMBA MJIGO UMODZI M'MUDZI MWA …, GULUPU …, MFUMU YAIKULU …

Ife a Gulu la Chitukuko la …, lolembetsedwa ku khonsolo yanu, tikupempha kuti muvomereze polemba kalata ntchito yokumba mjigo umodzi m'mudzi womwe watchulidwa pamwambapa, ndiponso kuti mutumize mlangizi wa zamadzi kudzaona malo ndi kuyang'anira kukumba. Sitikupempha ndalama ku khonsolo.

Mjigowu udzathandiza mabanja 47, omwe ali ndi anthu 240 malinga ndi kaundula wa mudzi. Panopa anthuwa amatunga pa chitsime chosatetezeka cha kudambo chimene chimaphwa mu Okutobala, ndipo mjigo wapafupi wogwira ntchito uli pa mtunda wa makilomita 1.8. M'mudzimu mulibe mjigo wina, wamoyo kapena wakufa. Nkhaniyi inavomerezedwa ndi VDC pa 12 Meyi ndi ADC pa 9 Juni.

Tikufuna kuika pampu ya Afridev. Malo oganiziridwa aperekedwa ndi mwini wake polemba kalata, ndipo ali mamita oposa 60 kuchokera pa chimbudzi chapafupi. Ntchito yonse idzadya K15,600,000. Mpingo wa … walonjeza K14,900,000, ndipo anthu a m'mudzi apereka mchenga, miyala ndi ntchito ya manja za mtengo wa K700,000. Bajeti yaphatikiza kuyeza malo, kuyeza madzi ku labotale, kuphunzitsa komiti ndi mayendedwe a mlangizi. Tidzalemba ntchito kontirakitala yemwe ali ndi chiphaso cha National Water Resources Authority, ndipo mgwirizano wathu udzafotokoza za dzenje louma.

Komiti ya mjigo ya anthu 10, amayi 6 ndi abambo 4, yasankhidwa kale. Banja lililonse lavomera kusonkha K1,000 pamwezi, zomwe ndi K47,000 pamodzi, zogulira zipangizo ndi kulipira makaniki.

Tikufuna kuyamba kukumba mu Seputembala mvula isanayambe, choncho tidzayamika kulandira yankho lanu pofika pa 15 Ogasiti. Ndife okonzeka kudzafotokoza ntchitoyi ku komiti iliyonse imene mungatiitanire, ndipo mukhoza kulankhula ndi mlembi wathu pa nambala ili pamwambayi.

Ife anu okhulupirika,
Wapampando … Mlembi …

Zophatikiza: chikalata cha ntchito ndi bajeti, maminitsi a VDC ndi ADC, kalata ya malo, kalata ya mpingo, chiphaso cha gulu, manambala a GPS.
Makope kwa: Mkulu wa mapulani ndi chitukuko, Mkulu wa zamadzi m'boma, Khansala wa wodi ya …

Taonani kuti chiganizo chakuti "Sitikupempha ndalama ku khonsolo" chili m'ndime yoyamba penipeni, ndiponso kuti K14,900,000 ndi K700,000 zikuphatikizana kukwana K15,600,000. Wowerenga ku khonsolo amawerengetsera zimenezi, ndipo nanunso muziwerengetsere ndi chikalata chachikulu chili pambali.

8. Kaperekeni nokha ndipo mubwere ndi umboni

Tengani kalata yeniyeni ndi makope ake, mukaisiye ku ofesi yolandirira makalata kapena kwa mlembi wa Bwanamkubwa, ndipo mupemphe kuti adinde tsiku lolandirira pa kope yanu. Kope yodindidwayo ndi umboni wokhawo umene mudzakhale nawo ngati kalata yasokera. Tsiku lomwelo kasiyeni kope ku ofesi ya zamadzi, chifukwa kalata yochokera pa tebulo la Bwanamkubwa ikhoza kutenga masiku isanafike kumeneko. Musatumize kalata kudzera mwa wachibale wogwira ntchito ku boma kapena wandale woti akaisiye akamadutsa, pakuti yoteroyo mwina siilembedwa m'buku la makalata olandiridwa. Pakatha milungu iwiri osamva kanthu, imbani kapena pitani ndi kope yanu, ndipo mufunse kuti kalatayo ili pa tebulo la yani, osati kungofunsa ngati yayankhidwa.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwa chachikulu ndi kulemba kalata kontirakitala atalipidwa kale ndipo galimoto ili m'njira. Kalata yotero ndi yodziwitsa chabe, ndipo khonsolo ikapeza kuti malo ndi olakwika, kapena kuti bungwe lina likukumba pafupi mwezi wamawa, palibenso chimene ingasinthe. Mjigo woterowo mwina sulowa msanga m'kaundula wa boma, ndipo komiti yake imatsala yosaphunzitsidwa.

China ndi nkhani ya malo. Mjigo woikidwa pakhomo pa amfumu kapena pa munthu amene anathandiza kupeza ndalama, popanda kalata yopereka malowo kwa anthu onse, umadzasanduka wa banja limenelo mkangano ukabuka kapena mwini malo akamwalira. Chilolezo cha pakamwa cha a nyakwawa sichikwanira, ndipo ngati mjigo udzakhale pa sukulu kapena pa tchalitchi, kalata inene ngati anthu a m'mudzi adzaloledwe kutungapo.

Palinso manambala osagwirizana, monga anthu 240 m'kalata koma 400 m'chikalata chachikulu, kapena mtengo wa khoteshoni yakale imene kontirakitala sangaivomerenso. Ena amalemba kuti wopereka ndalama "wavomera" pamene anangoti aganizira, ndipo chilolezo chikatuluka ntchito osayamba, khonsolo imakhala itachotsa mudziwo m'maganizo ake poyesa kuti wathandizidwa. Ngati ndalama sizinatsimikizike, nenani zoona kuti mukufuna kalata ya khonsolo kuti mukaionetse kwa wopereka ndalama, chifukwa limenelo ndi pempho lomveka. Pewaninso kutchula chipani kapena kudzudzula khansala ndi phungu m'kalatamo, popeza kope yake idzafika kwa khansala yemweyo, amene ndi membala wa khonsolo imene mukuipempha chilolezo.